Theka ndi Gawo la Zitatu: Phunziro la Mafulakishoni m'Masilaidi Asanu ndi Limodzi

Lembani 1/2 + 1/3 pa bolodi m'kalasi ya Fomu 1, muwauze ana ayankhe msanga. Ena mwa iwo alemba 2/5, ndipo alemba mopanda mantha. Aphatikiza nambala za pamwamba, 1 ndi 1, n'kupeza 2. Aphatikizanso za pansi, 2 ndi 3, n'kupeza 5. Anawa si aulesi kapena mbuli. Akungotsatira lamulo lomwe lawathandiza kuyambira Sitandade 1, loti ukaona chizindikiro chophatikiza umaphatikiza zonse zimene zili pamaso pako.

Mphunzitsi amene ali ndi laputopu ndi pulojekita amakopeka kuti athetse vutoli podzaza khoma ndi malamulo. Koma silaidi ili ngati munthu wolongolola: ukailekerera imalankhula yokha mpaka belu, ana ali phee kukopera. Dongosolo lomwe tilione pano ndi la piriyodi imodzi ya mphindi 40, ndipo lili ndi masilaidi asanu ndi limodzi okha. Silaidi iliyonse imaponya funso limodzi kapena lamulo limodzi la ntchito, kenako imakhala chete kuti ana agwire ntchito ndi manja ndi pakamwa. Phunziro lonse likusaka nyama imodzi, yankho lija la 2/5. Poti kusekondale amaphunzira m'Chingerezi, mawu a pa masilaidi amalembedwa m'Chingerezi, koma ife tiwanena m'Chichewa.

Kukonzekera kumayamba dzulo lake, ndi sizasi. Mphunzitsi atenge mapepala a A4 ogwiritsidwa kale ntchito, monga a mayeso akale, awadule mopingasa kukhala timizere ta masentimita atatu m'lifupi. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 ku mbali yaifupi, choncho kamzere kalikonse kakhala kotalika masentimita 21, ndipo pepala limodzi litulutsa timizere 9. Ngati kalasi ili ndi ana 60 okhala awiriawiri, ndipo awiri alionse alandira timizere titatu, pafunika timizere 90, omwe ndi mapepala khumi basi. Chofunika kwambiri n'chakuti tonse tikhale tofanana kutalika. Theka la kamzere kakatali ndi theka la kakafupi si zofanana, ndipo phunziro lonse lingagwere pamenepo.

Silaidi yoyamba ili ndi samu ija, 1/2 + 1/3, ndi mayankho atatu pansi pake: 2/5, 2/6 ndi 5/6. Ilibe mutu wautali kapena zithunzi zokongoletsa. Mwana aliyense aganize yekha kwa mphindi imodzi, kenako mphunzitsi akawerenga mpaka katatu onse aonetse zala pachifuwa: chala chimodzi ngati asankha yankho loyamba, ziwiri lachiwiri, zitatu lachitatu. Zala zikhale pachifuwa osati m'mwamba, chifukwa manja akakwezedwa ana amayamba ayang'ana kaye katswiri wa m'kalasimo n'kumutsatira. Mayankho olakwawo sanaikidwe mwachisawawa. Wosankha 2/5 waphatikiza pamwamba ndi pansi pomwe. Wosankha 2/6 wakumbukira kuti pansi payenera kukhala 6, koma wasiya nambala za pamwamba momwe zinalili. Mphunzitsi alembe pakona ya bolodi kuchuluka kwa ana pa yankho lililonse, ndipo asaulule lolondola. Zonsezi zimatenga mphindi zisanu.

Pa silaidi yachiwiri pali chithunzi cha thireyi ya mazira 30, ndi funso lakuti: theka la thireyi ndi mazira angati, nanga 2/5 ya thireyi ndi angati? Awiriawiri akambirane. Theka ndi mazira 15, zimenezo amazipeza nthawi yomweyo. Pa 2/5 ayenera kugawa 30 m'milu isanu ya mazira 6, n'kutenga milu iwiri, omwe ndi mazira 12. Apa mphunzitsi angofunsa modekha kuti, munthu anali ndi theka la thireyi, wawonjezerapo ena, ndiye zatheka bwanji kuti atsale ndi 12? M'kalasi mumayamba manong'onong'o. Wina kumbuyo amatha kunena kuti, "Madamu, ndiye kuti ena asweka panjira," anzake n'kuseka. Kusekako n'kwabwino, chifukwa mwana wadzionera yekha kuti yankho lake silingakhale loona. Yankho la 2/6 limagwanso chimodzimodzi: ndi mazira 10 okha. Mphindi zisanu zikwanira.

Silaidi yachitatu ndi ya malangizo a ntchito, ndipo ndiyo imadya nthawi yambiri, mphindi khumi. Pindani kamzere koyamba pawiri, mudetse gawo limodzi ndi pensulo. Pindani kachiwiri patatu, mudetse gawo limodzi. Mung'ambe magawo odetsedwawo, muwaike mondondozana pamwamba pa kamzere kachitatu. Kodi kutalika kumene mwaphimbako mukutcha chiyani? Kupinda patatu kumavuta ana ambiri, ndipo apa m'pamene masentimita 21 amathandiza: wokhala ndi rula angoyeza 7 ndi 14.

Ana akayamba, mphunzitsi azimitse chithunzi. Mu PowerPoint, kudina batani la B pamene masilaidi akuonetsedwa kumadetsa khoma, ndipo kulidinanso kumabwezeretsa chithunzi. Khoma likada maso amatsikira pa desiki. Mphunzitsi achoke pa laputopu, azungulire mizere.

Chimene aone n'chakuti ana aika zidutswa zawo bwinobwino, koma akusowa dzina. Kutalikako n'kopitirira theka, n'kosakwana kamzere kathunthu, ndipo sikukugwera pa mpindo wa ziwiri kapena wa zitatu. Asawauze. Angowafunsa za kachidutswa kotsala kosaphimbidwa: kangalowe kangati m'kamzere konse? Kachidutswako n'ka masentimita atatu ndi theka, ndipo akakayeza amapeza kuti kamalowa kasanu n'kamodzi. M'theka kamalowa katatu, m'gawo la zitatu kamalowa kawiri. Pamenepo 6 watuluka m'manja mwa ana eni ake, asanamve n'komwe za lamulo.

Tsopano silaidi yachinayi ikhoza kulankhula, koma kwa mphindi zinayi zokha. Ili ndi mizere itatu yotuluka umodziumodzi, ndipo mzere uliwonse mwana ayambe waunena pakamwa usanaoneke:

1/2 = 3/6
1/3 = 2/6
3/6 + 2/6 = 5/6

Apa ndi pamene mawu akuti dinomineta ndi nyumereta amapeza tanthauzo. Nambala ya pansi si chiwerengero cha zinthu zimene uli nazo. Ndi dzina la kukula kwa chidutswa. Ya pamwamba ndiyo imawerenga zidutswazo. Mabeseni atatu a ufa ndi mabeseni awiri ndi mabeseni asanu, ndipo beseni silisintha kukula chifukwa chakuti mwaphatikiza. Koma ndowa imodzi ndi beseni limodzi simungati ndi ziwiri za chinachake mpaka mutaziyeza ndi muyeso umodzi. Ana abwerere ku thireyi kukatsimikiza: mazira 15 ndi mazira 10 ndi 25, ndipo 5/6 ya 30 ndi 25 yemweyo. Pano mphunzitsi atchere khutu, chifukwa matenda aja amabwerera atavala malaya ena. Mwana amene wafika bwino pa 3/6 + 2/6 akhoza kulemba 5/12. Mankhwala ake ndi funso lakale lija: kodi 5/12 yafika pa theka?

Silaidi yachisanu imachotsa mapepala. Ili ndi masamu anayi okwera pang'onopang'ono, oti aliyense alembe yekha m'kope kwa mphindi khumi: 1/2 + 1/4, 2/3 + 1/4, 1/4 + 1/6, ndi 3/4 + 5/6. Asanawerengetsere, alembe pambali ngati yankho liposa theka kapena liposa 1. Samu yoyamba njosavuta chifukwa 4 akukwanira kale kukhala muyeso wa zonse ziwiri, yankho n'kukhala 3/4. Yachiwiri imafuna 12, ndipo 8/12 ndi 3/12 zimapanga 11/12. Yachitatu ndiyo yokoma. Ana ena achulukitsa 4 ndi 6 n'kupeza 24, ndipo afika pa 10/24. Ena aona kuti 12 akukwanira, afika pa 5/12. Mkangano ukabuka, mphunzitsi aitane mmodzi wa mbali iliyonse ku bolodi. Onse alondola, kungoti 10/24 iyenera kuchepetsedwa pogawa pamwamba ndi pansi ndi 2. Umu ndi momwe LCM, nambala yochepetsetsa yomwe 4 ndi 6 amalowamo popanda chotsala, imalowera m'phunziro: monga njira yachidule, osati ngati chipata chokhacho. Samu yachinayi imapereka 9/12 + 10/12 = 19/12, ndipo ena adzaifufuta poganiza kuti nambala ya pamwamba singapose ya pansi. Amene analemba pambali kuti yankho liposa 1 sadabwa kuona 1 ndi 7/12.

Pali mwana wina amene mphunzitsi ayenera kumuyembekezera, ndipo nthawi zambiri amakhala wochenjera. Adzati, "Sala, pa mayeso oyamba ndinakhoza funso limodzi mwa awiri, pa achiwiri limodzi mwa atatu. Onse pamodzi ndakhoza awiri mwa asanu. Nanga 2/5 yalakwika pati?" Mwanayu asakalipidwe, chifukwa malikisi ake wawerenga bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti iye wasintha chinthu chathunthu: mafunso anali awiri, kenako atatu, tsopano ndi asanu. Pophatikiza mafulakishoni chathunthu chimakhala chimodzi chomwecho, thireyi yomweyo, kamzere komweko. N'chifukwa chake timizere tija tinadulidwa tofanana.

Silaidi yomaliza imati: mnzako walemba 2/5 + 1/2 = 3/7. Muuze m'chiganizo chimodzi chifukwa chake sizingatheke, kenako upeze yankho. Aliyense alembe kumbuyo kwa kachidutswa ka pepala kotsala, apereke potuluka. Yankho ndi 9/10. Mphunzitsi akakhala pansi asanje timapepalato m'milu itatu: okhoza yankho ndi chifukwa chake, okhoza yankho lokha, ndi otsalira. Mulu wachiwiri ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, popeza amenewo aloweza njira koma sanaone kuti 3/7 siyikwana n'theka lomwe. Ukakhala waukulu, phunziro lotsatira liyambirenso pa thireyi, osati pa kuchotsera.

Dongosololi lili ndi malire ake. Kupinda mapepala kumagwira pa ziwiri, zitatu, zinayi ndi zisanu n'chimodzi, koma pa 7 kapena 11 kumangobala zinyalala, ndiye ana ayenera kusiya pepala msanga. Ntchito yopindayo imakondanso kudya mphindi za inzake. Nthawi ikathina, ndi bwino kudula samu ziwiri pa silaidi yachisanu kusiyana n'kusiya funso lotulukira. Magetsi akazima kapena pulojekita ikakhala ndi kalasi ina, masilaidi onsewa amakwana pa mapepala akuluakulu asanu ndi limodzi olembedwa ndi maka, omatidwa pa bolodi limodzilimodzi. Batani la B likasowa, mphunzitsi angotembenuza pepalalo kuti liyang'ane kukhoma, n'kupita kukaona momwe ana a kumbuyo akupindira patatu.