Kusamutsa Ndandanda ya Maina ndi Manambala Kuloŵetsa mu Lamya

Nkhani ya lero ikukhudza alembi a makalabu a alimi, a makomiti a sukulu ndi a mabungwe a m'midzi, amene amasunga maina ndi manambala a anthu ambiri pa kompyuta. Tiyerekeze za mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Iye ali ndi tebulo la anthu 60 mu pulogalamu ya Excel: mamembala, ogula a pa msika wa Lizulu ndi eni magalimoto onyamula matumba. Wapampando watsopano wagula lamya ndipo akufuna maina onsewo aloŵemo. Kuwalemba limodzilimodzi kungatenge tsiku, ndipo nambala imodzi ikaphonyeka, galimoto silibwera, mbatata n'kumaolera pamsewu.

Njira yachidule ilipo. Lamya zambiri zimaŵerenga fayilo yotchedwa vCard, imene dzina lake limathera ndi .vcf. Kalembedwe kameneka kanayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo mtundu wa 3.0, umene tigwiritse ntchito lero, unakhazikitsidwa mu 1998. Ulipo wina wa 4.0 wa mu 2011, koma wa 3.0 ndiwo umalandiridwa ndi lamya zochuluka popanda makani. Mkati mwa fayiloyi mulibe chachilendo. Ndi malemba wamba amene munthu angathe kuwaŵerenga ndi maso. Munthu aliyense ali ndi khadi lake, ndipo makhadiwo amangotsatana. Nali khadi limodzi, lokhala ndi dzina ndi nambala zongopeka:

```
BEGIN:VCARD
VERSION:3.0
N:Phiri;Uje;;;
FN:Uje Phiri
TEL;TYPE=CELL:+265990000001
NOTE:Tsangano
END:VCARD
```

Mzere woyamba ndi wotsiriza ndi malire a khadi. Mzere wa FN ndiwo dzina lathunthu monga lidzaonekere pa lamya. Mzere wa N umaligaŵa dzinalo m'zigawo zisanu zolekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; ndipo dongosolo lake silisintha: dzina la makolo, dzina loyamba, dzina lapakati, ulemu wa patsogolo monga Mayi kapena Mbusa, ndi mawu otsatira dzina. Chigawo chimene tilibe chochilemba timachisiya chopanda kanthu, koma chizindikiro chake chimakhalabe. N'chifukwa chake mukuona zizindikiro zitatu zotsatana pambuyo pa Uje. Mzere wa TEL ndiwo nambala, ndipo wa NOTE ndi wa mawu okumbutsa, monga kumene munthuyo amakhala.

Kupanga makhadi n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ili pa manambala, ndipo pamenepa ndi pamene tikhalitse.

Nambala ya lamya ya m'manja kuno kwathu timailemba ndi ziŵerengero khumi, choyamba chili ziro: ya TNM monga 088, ya Airtel monga 099. Tsono Excel akaona ziŵerengero zokhazokha amaganiza kuti ndi masamu, ndipo m'masamu ziro wa patsogolo alibe ntchito, choncho amamutaya. Mlembi analemba 0990000001, koma m'kabokosi mwatsala 990000001. Wina analemba nambala yoyamba ndi +265, ndipo Excel wachotsa chizindikiro cha + n'kuionetsa ngati 2.6599E+11. Pamene tebulo lidakali m'fayilo ya Excel, ziŵerengero zonse zimakhalapo kuseri kwa maonekedwe ameneŵa. Koma mukalisunga ngati CSV nambala ikuoneka chotere, zimene zasungidwa ndi zooneka zokhazo, ndipo ziŵerengero za kumapeto zapita osabwerera. Choncho musanalembe manambala atsopano, sankhani mzere wonse wotsika wa manambala ndi kuupatsa mtundu wa Text.

Ku Ntcheu kuli vuto lina limene mlembi wa ku Kasungu kapena ku Nkhotakota sangakumane nalo kaŵirikaŵiri. Msewu wa M1 pakati pa Biriwiri ndi Lizulu ukuyenda m'malire enieni, ndipo tsidya lake ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Malonda a mbatata, kabichi ndi tomato sasankha mbali ya msewu, kotero m'tebulo la kalabu mumakhala manambala a ku Mozambique. Iwo ali ndi ziŵerengero 9, alibe ziro patsogolo, ndipo amayamba ndi 82 mpaka 87. Taonani msampha wake: nambala ya TNM imene yataya ziro nayo ili ndi ziŵerengero 9 ndipo imayamba ndi 8. Munthu wofulumira amaziyesa zonse za kuno n'kuziika +265 patsogolo. Khadi limaloŵa bwinobwino m'lamya, dzina limaoneka, koma tsiku loimba nambalayo siipita. Chimodzimodzi manambala a abale amene ali ku Joni: amayamba ndi ziro ndipo ali ndi ziŵerengero khumi, ngati athu omwe.

Mankhwala ake ndi kuwonjezera mzere wotsika wa dziko, ndipo umenewu audzaze munthu woŵadziŵa anthuwo, osati makina. Tebulo likhale ndi mizere yotsika isanu: A dzina la makolo, B dzina loyamba, C nambala monga inalembedwera, D nambala ya dziko, E malo. Mu D mulembe 265 kwa a ku Malaŵi, 258 kwa a ku Mozambique, 27 kwa a ku South Africa. Mwayi wathu ndi wakuti m'maiko atatu onseŵa, mukachotsa ziro ndi nambala ya dziko, zimatsala ziŵerengero 9. Motero fomula imodzi ikwanira onse. Mu kabokosi F2 lembani izi:

```
="+"&D2&RIGHT(SUBSTITUTE(C2," ",""),9)
```

Fomulayi ikuchita zinthu zitatu. Ikuchotsa mipata imene ili pakati pa ziŵerengero, ikutenga ziŵerengero 9 za kumapeto, ndipo ikuika patsogolo chizindikiro cha + ndi nambala ya dziko. Kaya mu C munalembedwa 0990 000 001, kaya 990000001, kaya 265990000001, chotuluka ndi chimodzi: +265990000001. Nambala yolembedwa chotere imaimbika muli ku Ntcheu, imaimbikanso mutaolokera ku Angonia lamya itagwira netiweki ya kumeneko. Fomulayi siichotsa timizere kapena timadontho, ndiponso ngati m'kabokosi kamodzi muli manambala aŵiri imatenga yotsirizayo n'kusiya yoyamba mwakachetechete. Zotere muzikonze ndi dzanja poyamba. Pa makompyuta ena Excel amafuna ; m'malo mwa , mkati mwa fomula. Akakana, sinthani pamenepo.

Musanapitirire, yesani utali wa manambala. Mu kabokosi kapadera lembani `=LEN(F2)` ndi kukokera pansi. Nambala ya ku Malaŵi kapena ya ku Mozambique iyenera kupereka 13, ya ku South Africa 12. Yopereŵera ndiye kuti inaphonyedwa polemba, kapena ndi ya kalembedwe kakale, manambala a m'dziko muno asanatalikitsidwe mu 2009. Nambala yotere musaiganizire. Mufunseni mwini wake.

Tsopano khadi. Mu G2 lembani fomula iyi yonse pamzere umodzi, ngakhale pano yasindikizidwa modukiza:

```
="BEGIN:VCARD"&CHAR(10)&"VERSION:3.0"&CHAR(10)
&"N:"&A2&";"&B2&";;;"&CHAR(10)&"FN:"&B2&" "&A2&CHAR(10)
&"TEL;TYPE=CELL:"&F2&CHAR(10)&"NOTE:"&E2&CHAR(10)&"END:VCARD"
```

Ikuoneka yaitali, koma ikungolumikiza mizere isanu ndi iŵiri ija. Chizindikiro cha & chimalumikiza, ndipo CHAR(10) ndiye kutsikira pamzere wina. Kokerani F2 ndi G2 pansi kufikira mzere wa 61, popeza mzere woyamba ndi wa mitu.

Za maina tinene pang'ono. Kwathu anthu ambiri amadziŵika ndi mfunda kapena ndi dzina la mwana wawo, ndipo a Phiri m'kalabu imodzi angakhale asanu. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuti malo aonekere pa dzina lenilenilo, popeza lamya ikamaitana mawu a mu NOTE saoneka. Mungatero powonjezera `&" "&E2` pambuyo pa A2 mu gawo la FN, ndipo dzina lidzaoneka ngati Uje Phiri Tsangano. Chenjerani ndi zizindikiro za , ndi ; mkati mwa maina, pakuti kwa vCard zimatanthauza kugaŵa. Lamulo likuti ziyenera kutsogoleredwa ndi \ koma chapafupi n'kungozichotsa m'tebulo. Kachizindikiro ka mu ng'ombe kapena Ching'amba kalibe vuto.

Sankhani G2 mpaka G61, koperani, ndi kumata mu Notepad. Mudzaona kuti khadi lililonse lazingidwa ndi chizindikiro cha " koyambirira ndi kumapeto. Excel amatero ndi kabokosi kalikonse kokhala ndi mizere ingapo. Lamya ikapeza chizindikirochi patsogolo pa BEGIN siizindikira kuti ndi khadi, ndipo ambiri amagonjera pamenepa. Dinani Ctrl+H, mu Find what ikani ", mu Replace with musalembe kanthu, ndipo dinani Replace All. Anthu 60, aliyense mizere 7, fayilo iyenera kukhala ndi mizere 420.

Posunga, pitani ku Save As. Pa Save as type sankhani All files, dzina likhale kalabu.vcf, ndipo pa Encoding pakhale UTF-8. Mukapanda kusankha All files, fayilo ingasanduke kalabu.vcf.txt, imene lamya idzaitsekula ngati kalata chabe. Mukapanda UTF-8, chilembo chathu cha ŵ ndi zilembo za Chipwitikizi za m'maina a anzathu a tsidya zidzaoneka zopotoka kapena ngati mafunso.

Fayilo ipite ku lamya pa chingwe, pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Pa lamya ya Android tsekulani Contacts, funani mawu akuti Import, ndi kusankha fayilo ya .vcf, malo a mawuŵa amasiyana malinga ndi mtundu wa lamya. Pa iPhone mumagogoda fayiloyo ndipo lamya imakufunsani ngati iwonjezere maina onse. Ikakufunsani kosungira, sankhani lamya yeniyeniyo kapena akaunti yanu. Simukhadi imasunga dzina lalifupi ndi nambala basi, ndipo imadula maina aatali. Lamya zina za mabatani zimamva mtundu wa 2.1 wokha, zinanso zimalandira khadi limodzi pa fayilo. Kwa zoterozo yesani kusintha 3.0 kukhala 2.1 m'fomula ija.

Musayambe ndi anthu onse 60. Pangani kafayilo ka makhadi atatu: wa kuno, wa ku Angonia ndi wa dzina lokhala ndi ŵ. Loŵetsani, onani maina, ndipo muimbire wa tsidyayo. Zikayenda, fufutani atatuwo ndi kuloŵetsa fayilo yonse kamodzi kokha. Lamya zambiri sizifunsa ngati munthu alimo kale, kotero kuloŵetsa kachiŵiri kumabala maina 120, ndipo kuwachotsa kumatenga nthaŵi yoposa imene munapulumutsa. Mukatha, yerekezani chiŵerengero cha maina m'lamya musanaloŵetse ndi mutaloŵetsa. Kusiyana kwake kukhale 60. Kukakhala 59, kaŵirikaŵiri khadi loyamba kapena lotsiriza silinakoperedwe lonse.

Kumbukiraninso kuti fayilo imeneyi ilibe loko, ndipo aliyense woilandira amatenga manambala onse nthaŵi imodzi. Dziko la Malaŵi lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, ndipo anthu oba pa lamya ponamizira kutumiza ndalama amafuna ndandanda zotere. Tumizani fayiloyo kwa wapampando yekha, osati pa gulu la WhatsApp la kalabu, ndipo ngati munabwereka kompyuta pa malo osindikizira mapepala pa Boma, ifufuteni pamodzi ndi tebulo musanachoke, kufikira ndi mu Recycle Bin momwe.