Chipere Kapena Khate? Chithunzi cha pa Foni Sichingalamule

Masiku ano mwana akatuluka nsungu kapena banga pakhungu, ambiri timayamba ndi kujambula ndi foni n'kutumizira m'bale wathu wogwira ntchito kuchipatala. Chithunzi chimathandiza ndithu. Chimaonetsa pomwe pali vuto, kukula kwake, ndiponso ngati ndi matuza kapena banga louma. Chimasunganso umboni wa zidzolo zomwe zimatuluka usiku n'kuzimirira m'mawa, kuti adokotala akaone.

Kuti chithandizedi, jambulani masana pa kuwala kwa dzuwa. Tengani chimodzi chapatali choonetsa mkono wonse ndi china chapafupi, mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwa bangalo kudziwike. Dziwaninso kuti pakhungu lakuda, malo otupa saoneka ofiira kwenikweni. Amangoderako, ndipo kamera imabisa zimenezi mosavuta.

Tiyerekeze kuti mnyamata ali ndi banga lozungulira, lotuwa, pamkono. Pachithunzi aliyense anganene kuti ndi chipere. Komatu khate limayambanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake kuli poti chipere chimayabwa ndipo m'mphepete mwake mumafunduka, pamene banga la khate kawirikawiri siliyabwa ndipo limachita dzanzi. Kuchipatala amamuuza wodwala kuti atsinzine, kenaka amakhudza bangalo ndi kathonje, iye n'kuloza pomwe wamva. Amapapasanso mtsempha wa pachigongono kuti aone ngati wanenepa. Zonsezi zimafuna manja, osati maso okha.

Kusokoneza matenda awiriwa kumapweteketsa. Khate limachizika ndi mankhwala akumwa miyezi 6 kapena 12, koma likachedwa limaononga mitsempha mpaka zala kupindika osawongokanso. Nacho chipere chimafalikira mukachipaka mankhwala a mtundu wa siteroidi ogula pamsika. Kuyabwa kumaleka, koma bangalo limakula n'kusintha maonekedwe, mpaka kusokoneza ngakhale adokotala.

Chithunzi sichinenanso ngati thupi latentha, ngati kuyabwa kumakula usiku monga muja achitira mphere, kapena ngati munthu wangoyamba mankhwala atsopano.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati zidzolo zabwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena kufooka. Ngati milomo yatupa kapena kupuma kukuvuta. Ngati mashingozi atuluka pafupi ndi diso. Komanso ngati wodwalayo ndi khanda. Zilonda za m'kamwa ndi m'maso, khungu likusupuka, mwa munthu amene wangoyamba mankhwala monga bakitilimu, n'zoopsa: asiye kumwa, athamangire kuchipatala atanyamula mankhwalawo.

Banga ladzanzi, mawanga akuda otukuka amene akuchulukirachulukira, kapena zidzolo zosasintha patatha masabata awiri mukupaka mankhwala, musazilekerere, kaonetseni sabata yomweyo. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi foni yomwe, poti zithunzi za masiku oyambirira zikathandiza wokupimani kuona momwe matendawo ayendera.