Kontena ikavuta, timakonza chikombole

Pa 1 Novembala 2022, gulu lomwe limasamalira pulogalamu ya OpenSSL lidatulutsa mtundu wa 3.0.7 pofuna kutseka mabowo awiri omwe akuba a pa intaneti akadatha kulowerapo. OpenSSL ndi yomwe imabisa uthenga pakati pa foni yanu ndi seva, kuti wina wapanjira asawerenge mawu anu achinsinsi. Ubuntu 22.04, yomwe idatuluka chaka chomwecho, inali ndi OpenSSL 3.0.2, choncho nayo idakhudzidwa. Woyang'anira seva wozolowera ntchito yakale adadziwa chochita: kulowa m'seva, kulemba lamulo lokokera zokonza, basi. Koma amene mapulogalamu ake ankayenda mu Docker anali ndi ntchito yamtundu wina.

Kuti timvetse kusiyanaku, tiyeni tipite kaye kwa oumba njerwa. Mu Docker muli zinthu ziwiri, imeji ndi kontena. Imeji ili ngati chikombole: mtolo wa mafayilo onse omwe pulogalamu ikufuna kuti iyende, womangidwa kamodzi ndipo sukhudzidwanso. Kontena ili ngati njerwa yotuluka m'chikombolemo, ndiye pulogalamu yomwe ikuyendadi panthawiyo. Chikombole chimodzi chimatulutsa njerwa zambiri zofanana, ndipo ngati chili chopindika pangodya, njerwa iliyonse idzatuluka yopindika pomwepo. Mutha kumata dothi pa njerwa imodzi, koma yotsatira idzatuluka ndi vuto lomwelo.

Chikombolecho chimapangidwa potsatira kafayilo kotchedwa Dockerfile. Tiyerekeze kuti bungwe lina lili ndi tsamba la pa intaneti lomangidwa motere:

```
FROM ubuntu:22.04
RUN apt-get update && apt-get install -y nginx
COPY tsamba/ /var/www/html/
CMD ["nginx", "-g", "daemon off;"]
```

Mzere woyamba ukutenga Ubuntu ngati maziko, wachiwiri ukuikapo pulogalamu ya nginx yotumiza masamba kwa owerenga, wachitatu ukukopera mafayilo a bungwelo, ndipo womaliza ukunena choyenera kuyamba kontena ikadzuka. Zomwe mizere itatu yoyambayo imabweretsa zimasanjikizana ngati mizere ya njerwa pakhoma, ndipo msanjiko uliwonse ukauma sulembedwanso. Kontena ikamayamba, Docker amangoyala kamsanjiko kopyapyala pamwamba, ndipo chilichonse chomwe kontenayo yalemba kapena kusintha chimakhala m'kamsanjiko kameneko kokha.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa. Palibe chomwe chimaletsa munthu kulowa mu kontena yoyenda ndi lamulo la `docker exec` n'kulemba `apt-get update`, kenaka `apt-get upgrade`. Zokonza zimalowadi, ndipo mtima umakhala m'malo. Koma zalowa m'kamsanjiko kapamwamba kaja, osati mu imeji. Kontena ikangozimitsidwa n'kuyatsidwanso, zokonzazo zimakhalapobe, ndipo ichi ndicho chimanyenga. Tsiku lomwe kontenayo idzachotsedwa n'kupangidwa ina, mwina posintha makonzedwe kapena posamukira ku seva ina, kamsanjikoko kamatayidwa ndipo bowo lija limabwerera popanda chizindikiro chilichonse. Makontena ena anayi kapena khumi ochokera mu imeji yomweyo nawonso sadakonzedwe. Choopsa kwambiri kwa ine n'choti amene adakonzayo adalemba kale m'lipoti kuti vuto latha, ndiye palibenso wobwerera kukayang'ana.

Ena amayesa kupulumutsa ntchitoyo ndi `docker commit`, lamulo lomwe limasandutsa kontena yokonzedwa pamanja kukhala imeji yatsopano. Limagwira ntchito, koma imeji yotereyi sigwirizananso ndi Dockerfile. Mnzanu wodzalowa m'malo mwanu sadzadziwa chomwe mudaikamo, ndipo akadzamanga kuchokera ku Dockerfile, zanu zonse sizidzapezekamo.

Njira yoyenera ndi kumanga imeji ina:

```
docker build --pull --no-cache -t tsamba:2 .
```

Mawu awiri apakatiwo ndiwo mwini nkhani, ndipo lililonse lili ndi chifukwa chake. Dzina loti `ubuntu:22.04` si chinthu chokhazikika. Ndi chizindikiro chomwe eni ake amachisuntha kuchiika pa imeji yatsopano nthawi ndi nthawi akalowetsa zokonza. Kompyuta yanu ikakhala kuti idakoka kale imeji ya dzinali miyezi itatu yapitayo, ikhoza kugwiritsa ntchito yakaleyo osafunsa. Mawu oti `--pull` amauza Docker kuti akaone kaye ku Docker Hub ngati maziko asintha.

Mawu oti `--no-cache` amathana ndi msampha wina. Pofuna kufulumira, Docker amasunga misanjiko yomwe adamanga kale, ndipo akaona kuti maziko ndi omwewo ndiponso mzere wa `RUN` sudasinthe ngakhale chilembo chimodzi, amangotenga msanjiko wakale. Sapita kukafunsa ngati ku Ubuntu kwabwera zatsopano. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ntchito yomwe imatenga mphindi zingapo yatha m'masekondi awiri, ndipo pambali pa mzerewo palembedwa `CACHED`. Mukaona zimenezo pa tsiku lomwe mukutseka bowo, dziwani kuti mwangoumba chikombole chakale chomwecho n'kuchipatsa dzina latsopano.

Mukamanga, musakhulupirire msanga. Funsani imejiyo:

```
docker run --rm tsamba:2 dpkg -s libssl3
```

Yang'anani mzere wa `Version`. Pankhani ya 2022 ija, ena ankayembekezera kuona 3.0.7 ndipo adada nkhawa poona 3.0.2. Ubuntu kawirikawiri sasintha nambala yayikulu. Amatenga chokonzacho n'kuchilowetsa mu mtundu womwe ali nawo, n'kusintha manambala akumapeto okha. Yokonzedwayo inali `3.0.2-0ubuntu1.7`, choncho nambala yakumchira ndiyo yoyenera kufananiza ndi chilengezo cha Ubuntu.

Kenaka kontena yakale imaimitsidwa n'kuchotsedwa, ndipo yatsopano imayambitsidwa kuchokera ku `tsamba:2`. Funso lomwe aliyense amafunsa pamenepa ndi loti, nanga zomwe anthu adasungamo? Zinthu zofunika kukhalitsa, monga zithunzi zomwe owerenga adatumiza kapena kaundula wa makasitomala, siziyenera kukhala m'kamsanjiko kapamwamba. Zimasungidwa mu voliyumu, malo osungiramo omwe ali kunja kwa kontena ndipo amalumikizidwa ku kontena yatsopano monga momwe adalumikizidwira ku yakale. Ngati simukudziwa komwe mafayilo anu ali, onani gawo la `Mounts` pa `docker inspect` musanachotse chilichonse, chifukwa `docker rm` sabweza zomwe wataya.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo si bwino kuubisa. Kumanganso sikubweretsa chokonza chimodzi chokha chomwe mumafuna. Kumakoka zonse zomwe zasintha kuyambira tsiku lomwe mudamanga komaliza. Amene wakhala chaka chathunthu osamanga amalandira zosintha za chaka chonse tsiku limodzi, ndipo china mwa izo chikhoza kusokoneza pulogalamu yake. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kumanganso sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse ngakhale kulibe vuto, kuyesa imeji yatsopano pambali isanafike kwa anthu, komanso kupatsa imeji iliyonse nambala yakeyake m'malo mongodalira `latest`. Imeji ya `tsamba:1` musaifafanize tsiku lomwelo. Yatsopano ikavuta, mumayambitsanso kontena kuchokera ku yakaleyo m'kanthawi kochepa, mukudziwa kuti bowo latsegukanso mpaka mutapeza chomwe chasokoneza.

Palinso maimeji omwe simudamange nokha, monga `postgres` kapena `redis` omwe mumangokoka pa Docker Hub. Amenewa amamangidwanso ndi eni ake, ndipo ntchito yanu ndi kukoka watsopano ndi `docker pull`. Koma kukoka kokha sikusintha kontena yomwe ikuyenda: imapitiriza ndi imeji yomwe idayamba nayo mpaka mutaichotsa n'kupanga ina. Ogwiritsa ntchito Docker Compose amachita zonse ziwiri polemba `docker compose pull`, kenaka `docker compose up -d`, ndipo lamulo lachiwirili limapanganso makontena okhawo omwe imeji kapena makonzedwe awo asintha.