Tsamba la Bungwe pa Intaneti Lisaname

Tsamba la bungwe laling'ono pa intaneti limakalamba mwakachetechete. Msonkhano unachitika mu Malichi, koma mu Julayi tsamba likuitanabe anthu kuti abwere.

Sankhani munthu mmodzi, osati komiti, ndi tsiku lokhazikika, monga Lolemba loyamba la mwezi. Ola limodzi likwana. Ayambe ndi zomwe zimasocheretsa anthu: nambala ya foni aiimbe ndithu, fomu yotumizira uthenga ailembe, aone ngati uthengawo wafika. Nthawi zina umapita ku imelo ya mlembi amene anasiya ntchito kalekale. Kenako adine maulalo. Ukaonetsa 404, ndiye kuti tsamba lomwe umalozako kulibenso, aukonze kapena auchotse.

Nkhani yatsopano ibwere pomaliza. Imodzi, yokhala ndi deti, yakwana.