Chilolezo chanu chili ku banki kapena kwa wogulitsa?

Amalawi ambiri omwe akugwira ntchito ku Britain amalipira magetsi, foni ndi makanema popanda kugwira ndalama m'manja. Mwezi ukatha ndalama zimangochoka zokha mu akaunti. Koma njira zomwe zimachokera ndi ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka tsiku lomwe zinthu zasokonekera.

Tiyerekeze mayi wina wosamalira okalamba mumzinda wa Leeds. Magetsi amalipira mapaundi 80 pamwezi kudzera pa dayirekiti debiti, makanema mapaundi 12 kudzera pa khadi.

Kukampani ya magetsi mayiyu sanapereke khadi. Anapereka dzina lake, nambala ya akaunti ya manambala 8 ndi nambala ina ya manambala 6 yozindikiritsa banki yake, n'kuvomereza kuti kampaniyo izitapa ndalama. Chilolezocho chinatumizidwa kubanki yake, ndipo banki inachilemba pa akaunti. Ichi ndicho chachikulu pa nkhani yonseyi: banki ikuchidziwa chilolezocho, ndipo mayiyu akatsegula akaunti yake pafoni amachiona pamndandanda wolembedwa Direct Debits. Nayonso kampani siingoyamba kutapa mwachisawawa. Imayenera kuvomerezedwa kaye ndi banki yomwe imaiimira.

Kutapa kwake kumadutsa m'makina a Bacs ndipo kumatenga masiku atatu ogwira ntchito. Kampani ikatumiza pempho Lolemba, mabanki amalikonza Lachiwiri, ndalama n'kuchoka Lachitatu. Palibe amene amayamba wafunsa ngati mu akaunti muli ndalama. Zikapanda kukwana, pempho limabwezedwa ndipo kampani imamva pambuyo pake.

Tsono tinene kuti kampani ikufuna kukweza malipiro kufika pa mapaundi 95. Iyenera kumudziwitsa mayiyu pasadakhale, kawirikawiri masiku 10 ogwira ntchito tsikulo lisanafike. Ikatapa 95 isanamuuze, kapena ikatapa tsiku lolakwika, iye sakhala akuthamangathamanga kukampaniko ayi. Amauza banki yake, ndipo pansi pa lonjezo lotchedwa Direct Debit Guarantee banki imamubwezera ndalama zonse nthawi yomweyo, kenako n'kukazifuna kukampani. Kwa munthu wodikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, yemwenso abale ake kumudzi akumuyang'ana, kubwezeredwa msanga chonchi si nkhani yaing'ono.

Mapaundi 12 a makanema amayenda njira ina. Apa mayiyu anapereka nambala yaitali ya pakhadi, tsiku lomwe khadi idzathe ntchito ndi manambala atatu a kumbuyo. Chilolezo choti azimudula mwezi ndi mwezi chinatsala m'manja mwa wogulitsa, osati ku banki, n'chifukwa chake sichipezeka pamndandanda uja. Tsiku lolipira likafika, kampani imatumiza pempho kudzera ku Visa kapena Mastercard monga mmene zimakhalira munthu akagula chinthu m'sitolo, ndipo banki imavomera kapena kukana m'masekondi ochepa. Ikakana, kampani ikhoza kuyesanso mawa kapena mkuja. Makampani okongoza ndalama za katapira anazunza nayo anthu njira imeneyi, mpaka mu 2014 bungwe loyang'anira za ndalama la FCA linawaletsa kuyesanso akalephera kawiri.

Lonjezo lobweza ndalama nthawi yomweyo lija pa khadi palibe. Mayiyu akadulidwa molakwika akhoza kudandaula kubanki kuti ndalama zibwezedwe motsata malamulo a makadi, koma nthawi zambiri amafunsidwa umboni ndipo nkhani imatha kutenga milungu. Komabe ufulu woletsa ali nawo. Kuyambira mu 2009 malamulo a ku Britain amati munthu akauza banki kuti isiye kulipira kampani yakutiyakuti, banki iyenera kumvera, ndipo ndalama zodulidwa pambuyo pake zibwezedwe. Ambiri sadziwa zimenezi, amangodikira kuti khadi ithe ntchito. Kudikirako n'kosathandiza, chifukwa Visa ndi Mastercard ali ndi njira yomwe makampani ambiri amalandirira nambala ya khadi yatsopano mwini wake osachitapo kanthu.

Pa njira zonse ziwiri, kuletsa kubanki kumangotseka ndalama, sikuthetsa mgwirizano. Ngati mayiyu anasainira chaka chathunthu, ngongole ya miyezi yotsalayo ikadalipo, choncho alemberenso kampaniyo ndipo asunge yankho lake.

Akafuna kusamukira kubanki ina, ntchito yosamutsa akaunti yotchedwa Current Account Switch Service imatenga masiku 7 ogwira ntchito ndipo dayirekiti debiti ya magetsi imasamuka nawo. Ya makanema siisamuka, popeza inamangidwa pa khadi yakale. Ayenera kuunika sitetimenti zake za miyezi 12 yapitayo, chifukwa malipiro ena amadulidwa kamodzi pachaka, n'kupatsa kampani iliyonse yomwe akuifunabe nambala ya khadi yatsopano.