Kuunika mutu woyamba wa nthano yaitali

Munthu akapatsidwa mutu woyamba wa nthano yaitali yosasindikizidwa kuti aunike, sathamangira kukonza masipelo. Amayamba wauwerenga wonse osaima, n'kumaika kachizindikiro pamene chidwi chamugwira ndiponso pamene maganizo ayamba kuyendayenda. Ndemanga yake imachokera pa zizindikiro zimenezi.

Choyamba amafunafuna nyambo, ndiye kuti funso limene limakakamiza wowerenga kutsegula tsamba lotsatira. Mwachitsanzo, mutu wa masamba 12 ukunena za Nabanda, yemwe wachoka ku Ndirande kupita kwawo ku Dedza kukaika maliro a mayi ake, ndipo akupeza kuti amalume ake anagulitsa munda wa malemuwo. Nyambo ilipo, koma ili pa tsamba 9. Masamba oyambirira atha ndi kufotokoza kumene agogo anachokera, ukwati wa makolo ndi sukulu zimene Nabanda anaphunzirako. Wounika wabwino sangonena kuti chiyambi n'chotopetsa. Amalemba kuti chidwi chinazilala pa tsamba 2, chinabwerera pamene Nabanda anaona mlendo akupalira m'munda wa mayi ake, ndipo amafunsa ngati nkhani singayambire pomwepo.

Mbiri yakumbuyo si yoipa payokha. Mu Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la 1958, gawo lalikulu la mutu woyamba likunena za Unoka, bambo wa Okonkwo, waulesi ndi wangongole, amene anamwalira kalekale. Mbiriyo siitopetsa chifukwa wowerenga wamva kale kutchuka kwa Okonkwo, ndipo ikumuonetsa chimene munthuyo akuthawa. Muyeso wake ndi womwewo kwa Nabanda: ndime iliyonse yakale imachotsedwa kaye, n'kuona ngati mkangano wa munda ukumvekabe. Mayina a sukulu akachoka, palibe chosowa. Koma zoti amalumewo ndiwo ankamulipirira fizi ziyenera kutsala, pakuti ndizo zikumumanga pakamwa pasiwa. Zotsalazo zimamwazidwa m'mitu yotsatira, pamene wowerenga wayamba kuzifuna yekha.

Liwu la wofotokoza ndilo lovuta kuliunika, ndipo apa wounika wodziwa amachepetsa dzanja. Njira yodalirika ndi kuwerenga mokweza. Khutu limagwira msanga pamene wofotokoza, yemwe anayamba ndi Chichewa cha mumsika, wasanduka mlaliki kapena wolemba lipoti la ku ofesi. Limagwiranso pamene mwana, gogo ndi mfumu akuyankhula mofanana, kapena pamene miyambi yaunjikana itatu m'ndime imodzi. Wounika amalozera ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene liwu lamveka lamoyo, kuti mlembi adziwe poyezera zinazo. Kuzilembanso yekha sayenera, chifukwa liwu lotuluka pamenepo limakhala lake, osati la mwini buku.