Matikiti awiri, sitima imodzi: momwe apaulendo amachepetsera mtengo ku Britain

Pamsika aliyense amadziwa kuti kugula mopikula kumatchipa kusiyana ndi kugula pang'onopang'ono. Koma pa sitima zapamtunda za ku Britain, komwe kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito ndi ophunzira, nthawi zina zimatembenuka: munthu wogula matikiti awiri kapena atatu a ulendo umodzi amalipira ndalama zochepa kuposa mnzake amene wagula tikiti imodzi yokafika nayo, chonsecho akhala m'sitima yomweyo.

Njira yotchuka pa nkhaniyi ndi yochokera pa siteshoni ya London Paddington kupita ku Bristol Temple Meads, ulendo wa makilomita pafupifupi 190. Sitima zambiri za njirayi zimaima pa Reading, Swindon, Chippenham ndi Bath Spa, ndipo zina zimaimanso pa Didcot Parkway. Wodziwa zinthu amagula tikiti ya London mpaka Didcot, n'kugulanso ina ya Didcot mpaka Bristol. Sitima ikaima pa Didcot iye satsika. Tikiti yoyamba yathera pomwepo, yachiwiri yayamba.

Chimachititsa n'chakuti mitengo ya sitima kumeneko sawerengera kutalika kwa mtunda kokha. Amayang'ananso nthawi. M'mawa, pamene anthu akuthamangira kuntchito, pamafunika tikiti yodula yotchedwa Anytime, ndipo piringupiringu akatha, kawirikawiri cha m'ma 9:30, yotchipa ya Off-Peak imayamba kugwira ntchito. Wonyamuka ku London nthawi yodula ili pafupi kutha ndi tikiti imodzi amalipira mtengo wodulawo ulendo wonse, ngakhale kuti sitima imafika pa Didcot patapita mphindi pafupifupi 40, nthawi yodula itadutsa kale.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka, poti yeniyeni imasinthasintha. Tikiti imodzi yokafika ku Bristol ikhale mapaundi 100. Ya Anytime yothera pa Didcot ikhale 40, ya Off-Peak yomalizira ulendo ikhale 30. Zonse pamodzi ndi mapaundi 70, ndipo 30 atsala m'thumba. Wapaulendoyo walipira mtengo wodula pa chigawo chokhacho chimene wayenda m'nthawi yodula.

Uku si kubera ayi. Malamulo oyendera sitima a National Rail amalola kuphatikiza matikiti pa ulendo umodzi, koma pali mfundo imene yagwetsa ambiri m'mavuto: sitimayo iyenera kuima pa siteshoni imene matikitiwo akulumikizana. Kudutsapo chabe sikukwanira. Munthu amene wachedwa n'kulumphira sitima yotsatira, osaona kuti iyo siima pa Didcot, matikiti ake onse awiri sakumuthandiza, ndipo kondakitala akhoza kumugulitsa tikiti yatsopano ya mtengo wonse. Kumene amalipiritsa chindapusa ku England, kuyambira mu 2023 chindapusacho ndi mapaundi 100 kuwonjezera pa mtengo wa tikiti. Phindu lonse lija limathera pompo. N'chifukwa chake ozolowera amayamba awerenga mndandanda wa masiteshoni pa bolodi asanakwere.

Pali mtundu wina wa tikiti, wa Advance, wogulidwa pasadakhale. Umatchipa kwambiri koma umagwira ntchito pa sitima imodzi yokha, ya ola limene lalembedwa. Matikiti amenewa amagulitsidwa owerengeka pa mtengo uliwonse, choncho otchipa a ulendo wautali akhoza kutha pamene a zigawozigawo akadalipo. Apanso kugawa kumapindulitsa. Kuipa kwake kumaoneka munthu akasintha maganizo, chifukwa tikiti iliyonse imasinthidwa payokha, ndipo ndalama yosinthira ikhoza kulipiridwa kawiri kapena katatu. Wamalonda amene sakudziwa kuti msonkhano wake utha liti ndi bwino asadzimange ndi matikiti otere.

Nanga ulendo ukakhala wosintha sitima panjira, yoyamba n'kuchedwa? Ngati munthu anasiya mphindi zokwanira zosinthira malinga ndi zimene siteshoniyo imafuna, matikiti ake amawerengedwa ngati ulendo umodzi. Amaloledwa kukwera sitima yotsatira, ndipo popempha chipukutamisozi cha kuchedwa, chotchedwa Delay Repay, amatumiza matikiti onse pamodzi. Wofinya nthawi yosinthira dala alibe podandaula.

Makampani monga TrainSplit ndi Trainline amafufuzira anthu malo ogawira ulendo, koma si zaulere nthawi zonse: ena amadula gawo la ndalama zimene zapulumutsidwa, ena amawonjezera kandalama kogulira tikiti. Choyenera kuyerekeza ndi ndalama yomaliza yolipira, osati imene yalembedwa ndi zilembo zazikulu poyamba. Kachovuta kena kakang'ono ndi mpando. Tikiti iliyonse ikhoza kubwera ndi nambala yakeyake, moti pa Didcot munthu angafunike kunyamula chikwama chake n'kusamukira m'bogi ina.